Pepani kapena takunyadirani: mlingo wa ulemu polembera mnzanu wolankhula Chifalansa

Amalawi amene amagwira ntchito ndi anthu olankhula Chifalansa alipo ambiri ndithu. Ena ali ku likulu la COMESA ku Lusaka kapena la SADC ku Gaborone, kumene Chifalansa ndi chimodzi mwa zilankhulo zovomerezeka, ndipo pa desiki yoyandikana nawo pamakhala munthu wa ku Kongo, ku Burundi kapena ku Madagascar. Ena ali konkuno, m'mabungwe othandiza anthu othawa kwawo ku msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa, kapena m'mabungwe a zaumoyo amene mabwana awo ali ku Paris, ku Geneva ndi ku Brussels. Pa ntchito za tsiku ndi tsiku Chingelezi chimakwanira. Koma limafika tsiku loti mnzanu uja wafedwa bambo ake, kapena wakwezedwa pa udindo, kapena kunyumba kwake kwabadwa mwana, ndiye mtima umakuuzani kuti uthenga wotere mumulembere m'chilankhulo chake. Maganizo amenewo ndi abwino, ndipo musawasiye chifukwa choopa kulakwitsa.

Galamala si imene iyenera kukudetsani nkhawa. Munthu amene akudziwa kuti Chifalansa munachiphunzira ku sekondale, kapena munachitolera pa ntchito, sangakhumudwe ndi mneni wopindika. Chimene amachimva msanga ndi mtunda umene mawu anu ayika pakati pa inu ndi iye. Imelo imatha kukhala yopanda cholakwika chilichonse koma n'kumveka ngati yochokera kwa mlendo, pamene awirinu mwadyera limodzi nkhomaliro kwa zaka. Ina imatha kumveka ngati yachibwana kwa mkulu amene simunacheze nayepo. Mfundo yanga ndi imodzi: kukula kwa nkhani sikumene kumasankha mlingo wa ulemu. Umasankhidwa ndi ubale umene unalipo kale nkhaniyo isanagwe.

Tu si iwe

Chifalansa chili ndi *tu* ndi *vous*, ndipo ife timafulumira kuwamva ngati "iwe" ndi "inu". Kufanana kulipo, koma kumathera panjira. Kwathu mwana amati "inu" kwa makolo ake, amayi ambiri amati "inu" kwa amuna awo, ndipo kunena "iwe" kwa munthu wamkulu amene simunakulire naye limodzi ndi chipongwe. Ku Falansa mwana amati *tu* kwa mayi ake ndi agogo ake, okwatirana amatchulana *tu*, ndipo kuyambira mu 1966 ngakhale pemphero la Atate Athu la m'matchalitchi a Chifalansa limatchula Mulungu kuti *tu*. Choncho *tu* sachepetsa munthu. Amasonyeza kuti awiriwo ali pafupi. Anthu amayamba ndi *vous*, kenako mmodzi, kawirikawiri wamkulu pa zaka kapena pa udindo, amafunsa kuti *On peut se tutoyer ?*, kutanthauza kuti tiyambe kutchulana *tu*. Akavomerezana, sabwereranso. Kubwerera ku *vous* kumamveka ngati pali mkangano, kapena ngati mmodzi wafuna kutalikira mnzake.

Apa ndi pamene khalidwe lathu labwino limatipunthwitsa. Pa maliro ife timakweza ulemu: timatsitsa mawu, timagwada, ndipo mnzathu amene dzulo tinkamunena "aise" lero timamuuza kuti "pepani ndi zovutazi". Mmalawi akamalembera mnzake wa ku Lyon amene wafedwa, dzanja limathamangira lokha ku *vous*, poganiza kuti tsiku lalikulu likufuna mawu aakulu. Wolandirayo amawerenga zina. Munthu amene sabata yatha ankamulembera *tu peux m'envoyer le fichier ?* lero, pa tsiku limene akufuna anzake pafupi, wamuimira patali. M'Chifalansa kulemera kwa tsikulo kumaonekera m'mawu amene mwasankha ndi m'kudekha kwa ziganizo. *Tu* amakhalabe *tu*.

Chingelezi chimawonjezera vutoli. Ambiri timayamba kuganiza uthengawo m'Chingelezi, chimene chili ndi liwu limodzi lokha lotchulira amene ukulankhula naye, ndipo chisankho cha *tu* kapena *vous* chimabisika mpaka pomasulira. Zotsatira zake ndi kalata imene chiganizo choyamba chili ndi *votre père* ndipo chachitatu chili ndi *je pense à toi*.

Njira yodziwira mlingo woyenera ndi yophweka, ndipo imatenga mphindi zochepa. Tsegulani maimelo awiri kapena atatu omaliza amene munthuyo anakulemberani inu nokha m'Chifalansa, muone zinthu zitatu. Choyamba ndi mmene amakutchulirani: *tu, te, toi, ton, ta, tes* ali mbali imodzi, *vous, votre, vos* mbali ina. Chachiwiri ndi malonje: *Salut* ndi wa anzanu apamtima, *Bonjour* kapena *Cher* ndi dzina loyamba ali pakati, *Madame* kapena *Monsieur* ali pamwamba. Chachitatu ndi mmene amatsanzikira: *Bises* ndi *Amitiés* ndi za anthu ozolowerana, *Bien à vous* ndi *Bien cordialement* ndi zaulemu wofunda, *Cordialement* ndi za ntchito basi. Chenjerani ndi maimelo opita ku gulu, chifukwa *vous* amatanthauzanso anthu ambiri, monga "inu" wathu, ndiye sangakuuzeni kanthu za inu nokha. Ngati awirinu mwakhala mukulemberana m'Chingelezi chokha ndipo mumatchulana maina oyamba, pali mlingo wapakati umene ambiri sauphunzira kusukulu: dzina loyamba limodzi ndi *vous*. M'maofesi a olankhula Chifalansa ndi wofala kwambiri, ndipo sukhumudwitsa munthu. Ngati mukukayika, imani pamenepo.

Imelo ya chipepeso, mzere ndi mzere

Tiyerekeze mayi wina wowerengera ndalama ku bungwe la zaumoyo ku Lilongwe. Ali ndi mnzake wamkazi ku ofesi ya ku Lyon, wofanana naye udindo, amene amatchulana naye *tu*. Lolemba m'mawa wamva kuti bambo a mnzakeyo amwalira. Mwachangu watsegula imelo yomaliza imene ankakambirana za lipoti, wadina poyankhira, n'kulemba izi:

> Objet : RE: Rapport trimestriel
> Bonjour,
> Je suis désolé pour la mort de votre père. Que Dieu vous console. N'oublie pas de m'envoyer les chiffres.
> Cordialement

Mtima wa mayiyu ndi wabwino, koma pafupifupi mzere uliwonse uli ndi chosokoneza. Mutu wa imelo ukunena za lipoti la miyezi itatu, choncho wofedwayo adzaitsegula akuyembekeza ntchito, mwinanso sadzaitsegula mpaka atabwerera ku ofesi. Uthenga wa chipepeso umafuna imelo yakeyake ndi mutu wakewake. *Désolé* ndi mmene amalembera mwamuna; mkazi amalemba *désolée*, ndipo n'chimodzimodzi *attristé* ndi *attristée*, *ému* ndi *émue*. Komanso *je suis désolée* ndi mawu omwewo amene munthu amanena akachedwa ku msonkhano, ndiye paokha ndi opepuka. *La mort* si liwu lolakwika, koma ndi louma. Monga ife timati "atisiya" kapena "kwagwa zovuta", iwo m'kalata amalemba *le décès* kapena *la disparition*. Kenako pakubwera *votre* ndi *vous* kwa munthu wa *tu*, n'kutsatira *n'oublie pas* amene ndi wa *tu*. Pempho la manambala siliyenera kupezeka m'kalatayi ngakhale pang'ono. Ndipo *Cordialement* ndi mawu otsekera imelo yotumizira lisiti.

Chiganizo cha Mulungu chikufuna kuchiyang'ana pachokha. Kwathu sitipepesa maliro osatchula Mulungu, ndipo kusamutchula kungaoneke ngati kuuma mtima. Ku Falansa lamulo la 1905 linalekanitsa boma ndi mipingo, ndipo m'kupita kwa zaka chipembedzo chinasanduka nkhani ya munthu payekha, imene ambiri sailowetsa pa ntchito. Anthu ochuluka kumeneko sapemphera konse. Mnzanu wa ku Lyon sangakwiye mukamutchulira Mulungu, makamaka akudziwa kumene mukuchokera, koma mawu onena kuti chinali chifuniro cha Mulungu, kapena kuti malemu ali pamalo abwino tsopano, akhoza kumulasa m'malo momutonthoza. Ngati sanakuuzenipo za chikhulupiriro chake, mawu amene amagwira ntchito imene "Mulungu akutonthozeni" amagwira kwa ife ndi *je pense à toi*, ndikukuganizira, ndi *je suis de tout cœur avec toi*, mtima wanga wonse uli nawe. Ngati inu ndinu wopemphera ndipo simukufuna kubisa zimenezo, nenani za inu mwini: *je te garde dans mes prières*. Pamenepo mwanena chimene mukuchita, simunamuuze iye choti akhulupirire.

Imelo ija ikalembedwanso ikhoza kukhala chonchi:

> Objet : De tout cœur avec toi
> Chère (dzina lake loyamba),
> J'ai appris ce matin le décès de ton papa et j'en suis très triste. Je me souviens de la fierté avec laquelle tu parlais de son jardin. Je pense très fort à toi et à ta famille.
> Ne t'inquiète pas pour le rapport, je m'en occupe. Ne te sens pas obligée de me répondre.
> Avec toute mon amitié,

Akunena kuti wamva m'mawa uno za imfa ya bambo ake ndipo wamva chisoni kwambiri, kuti akukumbukira mmene mnzakeyo ankanyadira pokamba za dimba la bambo akewo, kuti akumuganizira iye ndi banja lake, kuti lipoti lija asadere nalo nkhawa chifukwa aligwira yekha, ndiponso kuti asavutike n'kuyankha. *Ton papa* ndi mawu ofunda amene mnzake wapamtima angalembe. *Ton père* akanakhalanso bwino. Chiganizo cha dimba ndicho chimene wofedwayo adzachikumbukire, chifukwa ndi chokhacho chimene munthu wina sakanalemba. Ngati mulibe chokumbukira chotere, musachipeke, kalata ingofupika. Ntchito yatchulidwa kamodzi kokha, pomuchotsera katundu. Zimenezi zili ndi phindu lenileni, chifukwa lamulo la ntchito ku Falansa limapereka masiku atatu okha a tchuthi munthu akafedwa bambo kapena mayi, ndiye ambiri amabwerera ku ofesi misozi isanaume.

Pali zina zimene kalatayi yasiya dala. Sinafunse kuti malemu anadwala chiyani. Ife pa siwa timayembekeza kumva mbiri ya matenda, kuti anagonekedwa liti ndi kuchipatala chiti, koma kwa Mfalansa funso limenelo likhoza kumveka ngati kulowerera za m'nyumba mwa eni. Sinatchulenso ndalama. Mbale ya chipepeso imene timayendetsa mu ofesi si mwambo wofala kumeneko. Anzake a pa ntchito kawirikawiri amasonkha zogulira maluwa, kapena zopereka ku bungwe limene banja lasankha. Werengani bwino chidziwitso cha maliro, chimene amachitcha *faire-part*. Chikati *ni fleurs ni couronnes*, banja silikufuna maluwa kapena nkhata. Chikati mwambo udzachitika *dans la plus stricte intimité*, ndiye kuti ndi wa achibale okha, ndipo ngakhale mutakhala mumzinda womwewo simupitako. Kwa ife amene tinakula tikumva kuti maliro n'kulirana, mawu amenewa amatilemera, koma kuwamvera ndiwo ulemu umene banjalo lapempha.

Bwana wa ku Kinshasa

Tsopano tiyerekeze kuti mayi yemweyo wamva kuti mkulu woyang'anira chigawo chonse, mayi wa ku Kongo amene amakhala ku Kinshasa, wafedwa mayi ake. Anaonanapo kamodzi pa msonkhano, ndipo amatchulana *vous*. Pano ziganizo zazitali zija zimene zikanamveka zozizira kwa mnzake wa ku Lyon ndizo zoyenera:

> Objet : Sincères condoléances
> Madame la Directrice,
> C'est avec une profonde tristesse que j'ai appris le décès de votre mère. Je vous présente, ainsi qu'à toute votre famille, mes sincères condoléances. Que son âme repose en paix, et que Dieu vous donne la force de traverser cette épreuve.
> Je vous prie d'agréer, Madame la Directrice, l'expression de ma profonde sympathie.

Onani kuti mawu a malonje, *Madame la Directrice*, abwerezedwa ndendende m'chiganizo chotsekera. Ndilo lamulo la kalata yaulemu m'Chifalansa: mmene mwamutchulira poyamba ndi mmene mumamutchulira potsanzika. *Condoléances* nthawi zonse amakhala ochuluka, ndi *s* kumapeto, ndipo mneni wake ndi *présenter* kapena *adresser*. Banja lonse latchulidwa, osati wofedwa yekha. Mulungu watchulidwanso, chifukwa ku Kinshasa, ku Bujumbura kapena ku Abidjan mawu amenewa ndi achizolowezi pa maliro monga alili ku Zomba, ndipo kawirikawiri chidziwitso cha maliro chenichenicho chimakhala nawo. Ngati wofedwayo ndi Msilamu, monga anzathu ambiri a ku Senegal, ku Mali kapena ku Comoros, mawu onga *que Dieu l'accueille dans son paradis* amalandiridwa bwino.

Apa Mmalawi ali ndi mwayi. M'maiko ambiri a mu Afirika olankhula Chifalansa, ulemu wa maudindo ndi misinkhu ndi wofanana ndi wathu. Udindo umatchulidwa, *Monsieur le Directeur*, *Professeur*, *Docteur*, ngakhale pamene Mfalansa wa ku Paris akanangoti *Monsieur*. Ku Kongo munthu wamkulu amatchedwa *Papa* kapena *Maman* ndi dzina lake, monga ife timati "amayi" kwa mkazi aliyense wolemekezeka. Ngati ndi mmene ofesi yonse imamutchulira ndipo inunso mumatero pakamwa, mukhoza kutero polemba; koma musayese kutchula bwana wamkazi wa ku Falansa kuti *Maman*. Nkhani ya ubale nayo imatifanana. Mnzanu wa ku Kongo akalemba kuti wataya *mon papa*, mwina ndi bambo ake aang'ono kapena aakulu. Musafunse ngati ndi omubereka. Gwiritsani ntchito liwu limene iye mwini wagwiritsa.

Mudzamvanso mawu a m'zilankhulo za kumaloko atalowa m'Chifalansa chawo: *yako* ku Côte d'Ivoire, *pole* wa Chiswahili ku Lubumbashi ndi ku Goma. Ndi mawu okoma, ndipo kwa mnzanu wapamtima amene munawamva kwa iye, kuwonjezera limodzi kumapeto kumakhudza mtima. Kwa bwana amene simunazolowerane naye, asiyeni. Ku Québec, ku Kanada, anthu amati *mes sympathies* popepesa maliro ndipo amafulumira kutchulana *tu* pa ntchito. Ku Falansa mawu amenewo amamveka achilendo, ndipo *mes condoléances* ndi amene amamveka kulikonse.

Pamene nkhani ndi yabwino

Uthenga wa mafuno abwino ndi wosavuta, chifukwa munthu wokondwa amakhululuka msanga. Komabe lamulo ndi lomwelo, ndipo mayesero ake amaonekera bwino munthu akakwezedwa pa udindo. Tinene kuti mnzake wa ku Lyon uja, patapita miyezi, wasankhidwa kukhala mkulu wa nthambi ya zachuma, kutanthauza kuti tsopano ndi bwana wa mayi wa ku Lilongwe. Chikhalidwe chathu chimati munthu akakwera, mawu athunso akwere. Koma kumulembera *Madame la Directrice* ndi *vous* kungamveke ngati kumuseka, kapena ngati nsanje. Choyenera ndi ichi:

> Objet : Bravo !
> Toutes mes félicitations pour ta nomination, c'est amplement mérité. Je suis ravie de continuer à travailler avec toi.
> Amitiés,

*C'est amplement mérité* akutanthauza kuti wayenerera ndithu, ndipo *je suis ravie* kuti ndakondwa kwambiri. Mwamuna alemba *ravi*. Liwu limeneli ndi lofunika kuligwira, chifukwa amene amaganiza m'Chingelezi amalemba *je suis excité*, mawu amene ku Falansa akhoza kumveka ngati onena za chilakolako cha thupi. *Ravi*, *très heureux* kapena *très heureuse* ndiwo otetezeka. *Félicitations*, monga *condoléances*, amakhala ochuluka, ndipo amatsatiridwa ndi *pour*. Kampata kamene mukukaona patsogolo pa *!* ndi *:* si kulakwitsa, ndi mmene Afalansa amalembera.

Kwa mkulu amene mumamutchula *vous*, *Bravo* payekha ndi wopepuka, ndipo amamveka ngati mphunzitsi akuyamikira mwana wasukulu. Lembani *Je vous adresse mes chaleureuses félicitations pour votre nomination et vous souhaite plein succès dans vos nouvelles fonctions*, kutanthauza kuti mukumunyadira pa kusankhidwa kwake ndipo mukumufunira kuti ntchito yatsopanoyo aiyendetse bwino. *Plein succès* ndi abwino kuposa *bonne chance*, amene amapereka chithunzi choti ntchitoyo adzaitha mwamwayi. *Bon courage* amanenedwa kwa munthu amene akukumana ndi chintchito cholemera. Pakati pa anzake amaseketsa, koma kwa bwana amamveka ngati mukumumvera chisoni. Pa maliro *bon courage* payekha ndi wofupika kwambiri, ngakhale kuti anzathu a mu Afirika amakonda kunena *courage* kapena *du courage* pambuyo pa mawu a chipepeso.

Nthawi yotumizira ndi mbali ya ulemu womwewo. Mphekesera zoti wina wakwezedwa zimayenda msanga m'mabungwe, koma dikirani chilengezo chenicheni, kapena kuti mwini wake akuuzeni. N'chimodzimodzi ndi pathupi. Ife sitikonda kukamba za mwana asanabadwe, ndipo khalidwe limeneli likutetezani: musayamikire zimene mwangoziona ndi maso pa msonkhano wa pa kanema. Mwana akabadwa, *Félicitations aux heureux parents* ndi *Bienvenue à* kutsatiridwa ndi dzina la mwanayo zimakwanira pa mlingo uliwonse. Pa ukwati, *Tous mes vœux de bonheur*, mafuno anga onse a chimwemwe, ndiwo mawu ake. Dziwaninso kuti kuyambira mu 1999 ku Falansa kuli mgwirizano wa anthu awiri wotchedwa PACS, umene si ukwati. Mnzanu akalengeza zimenezi kapena akabereka mwana asanakwatire, myamikireni pa chimene walengezacho, osafunsa kuti ukwati weniweni udzakhala liti. Ndipo kwa mkazi aliyense pa ntchito lembani *Madame*. Boma la Falansa linachotsa *Mademoiselle* pa mafomu ake mu 2012.

Chinthu chimodzi chimene chimasintha mlingo ndi kuchuluka kwa owerenga. Chilengezo cha imfa kapena cha kukwezedwa chimabwera kwa anthu makumi angapo nthawi imodzi, ndipo batani la *Répondre à tous* limakopa. Pa nkhani yabwino, mzere umodzi wopita kwa onse, monga *Toutes mes félicitations !*, ulibe vuto, ndipo ubwino wake ndi woti mulibe *tu* kapena *vous*. Mawu apamtima muwatumize padera. Pa maliro, lemberani wofedwa yekha. Chipepeso chimene ofesi yonse ikuwerenga chimasanduka chionetsero, ndipo chimamukakamiza kuyankha pagulu. Ngati ofesi ya ku Lilongwe ikufuna kulankhula ngati gulu, mkulu wake alembe kalata imodzi ya *nous*, monga *Toute l'équipe de Lilongwe se joint à moi pour vous présenter ses sincères condoléances*, ndipo amene ali pafupi ndi wofedwayo alembebe zawo payekhapayekha.

Musanatumize, yang'anani timizere ta pamwamba pa zilembo. Kusiya kamodzi si mlandu, koma *décès* wolembedwa *deces*, kapena dzina la munthu lopanda kamzere kake, zimaonetsa changu pa kalata imene imafuna kudekha. Pa foni, dinani chilembo n'kuchigwira pang'ono, mitundu yake idzatuluka. Pa kompyuta ya Windows, Alt+0233 pa manambala a kumanja amapereka é, Alt+0232 amapereka è, ndipo Alt+0224 amapereka à. Onaninso pansi pa imelo. Masiginecha ena amakhala ndi mawu otsatsa msonkhano kapena mwambi wolimbikitsa, ndipo zimenezo sizikhala bwino pansi pa chipepeso. Zifufuteni musiye dzina lanu lokha. Kenako werengani kalatayo kamodzi mukuyang'ana chinthu chimodzi basi: ngati malonje, *tu* kapena *vous*, ndi mawu otsanzikira zili pa mlingo umodzi.

Uthenga wa chipepeso ndi bwino upite tsiku lomwe mwamva kapena mawa lake. Koma nkhani zimachedwa kufika ku ofesi yakutali, ndipo ambiri akamva patapita milungu itatu amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Lembanibe. Yambani ndi *Je viens seulement d'apprendre le décès de*, kutanthauza kuti ndangomva kumene, ndipo zina zonse zikhale monga mmene zikanakhalira tsiku loyamba. Yankho likhoza kukhala lalifupi, *Merci pour ton message*, kapena osabwera konse, ndipo sizitanthauza kuti mwalakwitsa. Mnzanuyo akabwerera pa ntchito, imelo yoyamba ya ntchito ikhoza kuyamba ndi chiganizo chimodzi, *J'espère que tu tiens le coup*, ndikhulupirira ukulimba, kapena kwa munthu wa *vous*, *J'espère que vous allez aussi bien que possible*, kenako n'kulowa m'nkhani ya lipoti lija.